Gemu ikuchita chibwibwi koma mafulemu ali 60, vuto lili pati?

Vitu: Anthu a pa gulu mwaswera bwanji, ndithandizeni nzeru mutu waima. Mwezi watha ndinagula laputopu kwa munthu wina ku Katoto, i5-10300H, GTX 1650, ramu 16 GB, SSD, ndipo magemu akale a mpira ndi a magalimoto akuyenda myaa palibe vuto. Nde sabata ino ndaika gemu yatsopano yowomberana ija yandidyera bandulo masiku atatu ija, kakauntala ka pakona kakuonetsa mafulemu 55 mpaka 60 pa sekondi koma ndikangolowa malo atsopano olo mdani akaponya bomba chithunzi chimaima kaye ngati kuphethira kwa diso kenako nkupitiriza, nthawi zina ndimapezeka ndafa kale. Ndatsitsa zonse pa Low, ngakhale kukula kwa chithunzi ndatsitsa mpaka 720p koma chibwibwicho chikadalipo. Kodi anandigulitsa chinthu chakufa?

Yami: imeneyo ndi netiweki aise, kuno ku Mchengautuwa madzulo aliwonse ndimalaga choncho pa foni, dikira cha m'ma 11 usiku anthu akagona uone

Vitu: Ayi Yami gemu yake ndi yosewera wekha, data ndimachita kuthimitsa ndikamasewera

Mphatso: Ndi masheda amenewo akulu, nkhani yodziwika. Tsegulani Disk Cleanup, chongani DirectX Shader Cache mufufute, mukatero ikani dalaiva watsopano. Ine ndimatero sabata iliyonse kuti kompyuta izikhala yoyera

Lusungu: A Mphatso dzina la matenda mwalitchula bwino koma mankhwala mwaperekawo ndi amene amawayambitsanso. A Vitu musafufute kanthu kaye chonde. Ndiyankheni funso limodzi, bomba lija likaphulika koyamba gemu imaima, nanga likaphulika lachiwiri la mtundu womwewo imaimanso? Ndipo mukafa nkuyambiranso malo omwewo zimakhala bwanji?

Vitu: Mwandikumbutsa asisi, kachiwiri sizichitika. Dzulo ndinafa kanayi pamalo amodzi ndipo ulendo wachitatu ndi wachinayi zinali bho zedi, ndinkaganiza kuti mwina laputopu yatenthedwa bwino ngati galimoto m'mawa kkk

Lusungu: Nde laputopu yanu si yakufa. Ndifotokoze mmene ndimazionera pa ntchito, mundipirire ndilemba zambiri. Chilichonse mukuona pa sikilini, moto wa bomba, madzi, khungu la munthu, utsi, chimajambulidwa ndi timapulogalamu ting'onoting'ono toyenda pa khadi la girafikisi, ndi timeneto timati masheda. Vuto ndi lakuti opanga gemu sangakutumizireni timapulogalamu timeneti titatha kale, chifukwa khadi la NVIDIA, la AMD ndi la Intel lililonse lili ndi chilankhulo chake, ndipo ngakhale a kampani imodzi GTX 1650 ndi RTX 3060 sizimva chimodzimodzi. Nde gemu imabwera ngati nsalu yodula kale koma yosasoka, dalaiva wa khadi lanu ndiye telala amene amaisoka molingana ndi thupi la khadi lanulo, kusoka kumeneko ndiko kukompaila. Gemu yopangidwa bwino imapereka nsalu zonse kwa telala musanayambe kusewera. Yopangidwa mothamanga imadikira mpaka bomba laphulika ndi pamene imakumbuka kuti moto uja ulibe chovala, nde aliyense amaima kudikira telala amalize.

Lusungu: Kuti muone kukula kwake, pa mafulemu 60 pa sekondi chithunzi chimodzi chili ndi mamilisekondi 16.7 okha oti chikonzedwe. Sheda imodzi yaikulu ikhoza kutenga mamilisekondi 100 olo kuposa kuti ikompailidwe, apo ndekuti zithunzi 6 zadutsa inu mukuyang'ana chimodzi chomwecho. Kakauntala kanu sikaonetsa bwino zimenezi chifukwa kamawerenga sekondi yonse pamodzi, kamangotsika pang'ono kufika 54 inu nkumati zili bwino pamene maso anu aona kuima. Ndipo amene amakompaila ndi purosesa osati khadi, nchifukwa chake kutsika pa 720p sikunathandize, mwapeputsira ntchito munthu amene sanatope.

Yami: ooh nde zilibe kanthu ndi netiweki, pepani. koma nanga pa PS4 ya kwa ankolo sitinaonepo zimenezi bwanji

Tiwo: Funso limenelo ndi langanso. Ine ndili ndi kashopu ka magemu ku Luwinga, ma PS4 awiri ndi makompyuta atatu, ana a sukulu amadandaula makompyuta okhaokha chonsecho makompyutawo ndi amphamvu kuposa ma PS4

Lusungu: Achimwene a Tiwo, PS4 iliyonse ya mtundu umodzi pa dziko lapansi ili ndi thupi lofanana, nde opanga gemu amasokeratu zovala kwawo konko nkuziika mu disiki, inu mumalandira zotha kale. Steam Deck nayonso chimodzimodzi, a Valve amatumiza masheda okompaila kale chifukwa akudziwa makina ake. Pa kompyuta makhadi alipo mitundu yambirimbiri ndipo lililonse likhoza kukhala ndi dalaiva wa mwezi wina, palibe angasokeretu zonsezo.

Mphatso: Koma asisi ine ndikukana pang'ono. Masheda sanayambe lero, magemu a 2012 analinso ndi masheda ndipo sitinkaona zimenezi. Vuto ndi DirectX 12 basi, munthu abwerere ku 11 nkhani yatha

Lusungu: Apa muli ndi mfundo koma theka. DirectX ndi njira imene gemu imalankhulira ndi khadi, pa DirectX 11 gemu inkapereka sheda iliyonse payokha ndipo dalaiva ankachita zambiri mobisa kumbuyo, kulumikiza, kukonza, osakuuzani, chibwibwi chinalipo koma chochepa. DirectX 12 inabwera 2015 ndipo inzake Vulkan 2016, izi zinati ayi opanga gemu muziyendetsa nokha. Panopa gemu imayenera kupempha mtolo wonse pamodzi, masheda ake kuphatikiza mmene mitundu isakanizidwire, mmene kuya kuyezedwere ndi zina, pa sikilini nthawi zina mumaona akulemba PSO, ndi mtolo umenewo. Chinthu chimodzi chikasintha mu mtolomo ndekuti ndi mtolo wina woti ukompailidwenso. Cholinga chinali chabwino kuti zonse zikonzedwe nthawi ya kulodi, koma zimafuna kuti opanga gemu adziwe mitolo yonse imene idzafunike, akaiwala ina imadzakugwerani muli pakati pa nkhondo. Theka linalo ndi lakuti magemu akula. A Epic analembapo mu 2025 kuti pa mpikisano umodzi wa Fortnite amakompaila mitolo pafupifupi 30,000 ndipo imene imagwiradi ntchito ndi cha m'ma 10,000, gemu ya 2012 sinkayandikira nkomwe pamenepo.

Mphatso: Chabwino koma ine pa gemu ina ya Unreal Engine 4 ndinalemba izi pa Launch Options mu Steam ndipo zinachepa kwambiri, sindikunama

```
-dx11
```

Lusungu: Sindikukutsutsani, pa magemu ena a Unreal Engine 4 zimathandizadi ndipo munthu akhoza kuyesa. Koma si gemu iliyonse imavomera, zatsopano zambiri za Unreal Engine 5 zimadalira Nanite, njira yake yojambulira zinthu, imene imafuna DirectX 12, ndipo mukasintha muyembekezere kuti ulendo woyamba ikompailanso zake za 11, musaweruze pa mphindi zisanu zoyamba.

Vitu: Yanga ilibe posankha, ndi 12 yokha. Nde nditani asisi, ndingopirira?

Lusungu: Tiyeze kaye tisamangoganiza. Ikani MSI Afterburner pamodzi ndi RivaTuner imene imabwera nayo, mu Monitoring chongani Frametime muiike kuti izioneka pa sikilini ngati graph. Muona mzere woonetsa nthawi imene chithunzi chilichonse chikutenga ukuyenda pakona, zikakhala bwino umagona pansi cha pa mamilisekondi 16 olo 17, gemu ikaima umabaya m'mwamba ngati msomali. Sankhani gawo limene simunafikepo, sungani gemu poyambira pake, seweranipo mphindi 10 mukuwerenga misomali. Mukatero tsekani gemu yonse, tsegulaninso, dutsani njira yomweyo ndi mfuti zomwezo. Kutsekako ndikofunika chifukwa tikufuna tione ngati zimene telala wasoka zikusungidwa pa disiki osati mu ramu mokha. Chaja ikhale yolumikiza.

Gome: Ndikuwerenga mwakachetechete koma pa chaja ndiikepo mawu. Magetsi akazima kuno ku Chibavi ndimapitiriza pa batire ndipo gemu iliyonse imakhala ngati ikukoka mwendo, ndinkayesa ndi masheda omwewa

Lusungu: Imeneyo ndi ina achimwene, pa batire laputopu imadzichepetsera yokha mphamvu ya purosesa ndi khadi, mzere wonse umakwera osati misomali yokha. Koma zimakumana, purosesa ikafooka kukompaila kumatenganso nthawi yaitali nde msomali uliwonse umatalika.

Vitu: Ndabwera ndi zotsatira. Ulendo woyamba misomali 14 pa mphindi 10, waukulu unafika 230, unali pamene chimunthu china chamoto chinatulukira koyamba. Ndatseka ndatsegula, ulendo wachiwiri misomali iwiri yokha, yonse cha m'ma 60 mpaka 70, umodzi pa geti lolowera mu fakitale wina pa masitepe otsikira pansi. Chimunthu chamoto chija chatuluka mzere osagwedezeka nkomwe. Ndapanganso kachitatu, iwiri yomweyo malo omwewo

Lusungu: Zaonekeratu. Wa 230 uja ndi zithunzi pafupifupi 14 zimene munaphonya nthawi imodzi, nchifukwa chake mumapezeka mwafa. Misomali 12 imene yasowa ndi ya masheda, yakompailidwa kamodzi, dalaiva waisunga mu keshi, nkhokwe yake ya pa disiki, kachiwiri akungotenga. Iwiri yotsalayo si masheda, chinthu chobwera malo omwewo ulendo uliwonse nthawi zambiri ndi gemu ikukweza chigawo china cha dziko lake kuchokera pa disiki, mageti ndi masitepe ndi malo amene opanga magemu amakonda kubisapo zimenezo. Imeneyo keshi singaichotse.

Tiwo: Nde mukutanthauza kuti gemu imakhala bwino pokhapokha ukaisewera kachiwiri? Nanga gemu ya nkhani yoti umangodutsa kamodzi, malo aliwonse ndi atsopano

Lusungu: Apo mpamene zimandipwetekera mtima ine achimwene, chifukwa pa gemu ya nkhani ulendo woyambawo ndi umene munalipirira. Zimachepa mukamapita chifukwa makoma, mfuti ndi adani ambiri amabwerezedwa, ola loyamba ndilo loipitsitsa, koma chilichonse chatsopano chimabwera ndi msomali wake. The Callisto Protocol itatuluka mu Disembala 2022 anthu a pa kompyuta anadandaula kwambiri nkhani yomweyi mpaka eni ake anatulutsa apudeti yoti izikompaila poyamba. The Last of Us Part I mu Malichi 2023 inapita mbali inayo, inkakompaila poyamba koma ena ankadikira ola lathunthu olo kuposa. Pa ziwirizi ine ndisankha kudikira, bola ndithire tiyi ndikhale pansi kusiyana ndi kufa chifukwa chithunzi chaima.

Vitu: Mwatchula zodikira ndakumbuka, pa menyu ya gemu yanga pansi pamakhala kamzere kolemba Compiling Shaders ndi maperesenti, ine ndimangodina Continue kali pa 20 olo 30 chifukwa fani imalira ngati ndege ndimaopa kuti ipsa

Mphatso: Aaa akulu ndiye mukudzipweteka nokha apa

Lusungu: Kasiyeni kafike 100. Kuli bwino kuti gemu yanu ili nako nkomwe. Fani ikulira chifukwa purosesa yanuyo ili ndi makoo 4 okha, ngati antchito anayi, ndipo onse ali pa ntchito, mukatsegula Task Manager muona CPU ili pafupi ndi 100%, ndi mmene ziyenera kukhalira. Ingoikani pa tebulo osati pa bulangete, kuzizira kwa Mzuzu sikuthandiza kanthu ngati mabowo a pansi atsekeka, kwezani kumbuyo ndi kabuku mpweya uzidutsa, tsekani Chrome, isiyeni. Mukadina Continue kasanathe ndekuti purosesa ikugawa mphamvu pakati pa gemu ndi kukompaila, ndipo sheda imene sinafikiridwe ikafunika mwadzidzidzi mumaimabe. Chinanso, sankhani masetingi anu kamodzi musanayambe. Mukasintha mithunzi olo kuwala kuchoka High kupita Low gemu zambiri zimafuna masheda ena, nde kusinthasintha munkachita kuja kukhoza kukhala kuti kunkawonjezera misomali.

Vitu: Ndaisiya, yatenga mphindi 18 kufika 100. Ndasewera gawo latsopano misomali itatu yokha. Yewo chomene asisi, ndigone

Vitu: Mwadzuka bwanji nonse. Zabwereranso. Ndayatsa laputopu m'mawa uno kamzere kaja kayambiranso pa 0 ndipo kakuyenda pang'onopang'ono ngati dzulo, ndinayesa kulowa gawo la fakitale lija chimunthu chamoto chaimitsanso chithunzi. Ndatopa nazo

Gome: magemu ena amaonetsa kamzere kameneko ulendo uliwonse, Hogwarts Legacy imatero, mwina ndi mmene ilili

Lusungu: Zoona a Gome ena amaonetsa ulendo uliwonse, koma keshi ikakhalapo kamathamanga, masekondi angapo olo mphindi imodzi chifukwa ikungoona kuti zonse zilipo. Kakatenganso mphindi 18 ndekuti keshi yapita olo yakanidwa. Zimene ndimakumana nazo ndi zitatu, dalaiva wasintha usiku, gemu yalandira apudeti, kapena pali chinthu chikufufuta. A Vitu dinani batani la Windows ndi R mulembe izi

```
%LOCALAPPDATA%\NVIDIA\DXCache
```

Mukapanda kuipeza pamenepo, madalaiva ena ankaiika mu LocalLow pansi pa NVIDIA momwemo. Dinani kumanja pa foda, Properties, mundiuze kukula kwake ndi madeti a mafayilo. Muonenso nambala ya dalaiva mu NVIDIA Control Panel pa System Information ngati ili yomwe ija, chifukwa Windows Update nthawi zina imasintha dalaiva osakufunsani.

Vitu: Dalaiva ndi yemwe uja, data inali yothimitsa usiku onse nde palibe apudeti yalowa. Foda ili ndi 41 MB ndipo mafayilo onse ndi a lero m'mawa, palibe la dzulo olo limodzi

Lusungu: Nde pali wakuba m'nyumba. Tsegulani Task Manager pa Startup muone zimene zimayamba zokha laputopu ikayaka, makamaka timapulogalamu toyeretsa tija

Vitu: Ndakapeza. Mwini wake wakale anaikamo kapulogalamu koyeretsa, kamayamba kokha ndipo kachongedwa kuti kazifufuta makeshi a masheda ulendo uliwonse ikayaka, kamachita kundiuza monyadira kuti kapulumutsa 900 MB ine nkumasangalala osadziwa kuti ndi mphindi 18 zanga zija zikutayidwa

Mphatso: Eish ndiye inenso ndakhala ndikuchita zomwezo ndi manja anga sabata iliyonse. Koma asisi musandiweruze kwambiri, ulendo wina gemu inkangozima pa kulodi ndipo nditafufuta keshi inachira, sindinazilote

Lusungu: Ayi zimenezo zimachitikadi, keshi ikhoza kuwonongeka makamaka magetsi akazima ikulembedwa, pa desikitopu yopanda batire kwathu kuno si zachilendo. Gemu ikamazima pamalo amodzi, olo zinthu zikuoneka zakuda, olo mitundu yachilendo, kufufuta kamodzi ndi mankhwala oyenera, a AMD ali ndi batani lake Reset Shader Cache mu pulogalamu yawo. Koma ndi mankhwala a wodwala, si tiyi wa m'mawa. Za dalaiva nazonso, watsopano aliyense amakana zosoka za mnzake nde magemu anu onse amayambiranso. Ine wanga ndimasintha gemu yatsopano ikamufuna olo pakakhala vuto limene akonza, osati ndili pakati pa gemu ya nkhani ikuyenda bwino, ndipo ndikasintha ndimadziwiratu kuti madzulo amenewo ndi odikira.

Gome: Nanga ija amati muike Shader Cache Size pa Unlimited mu Manage 3D settings, aliyense pa YouTube amanena zimenezo

Lusungu: Ija imangouza dalaiva kuti keshi ikule mpaka pati asanayambe kutaya zakale. Ngati mumasinthasintha magemu akuluakulu ambiri imathandiza chifukwa gemu ya lero singakankhire kunja masheda a gemu ya dzulo. Ngati muli ndi magemu awiri sindikhulupirira kuti muona kusiyana, ndipo msomali woyamba uja siichotsa ngakhale pang'ono. Ine ndimaika 10 GB, Unlimited pa SSD ya 256 GB ndimaopa. Chachikulu isakhale pa Disabled.

Mphatso: Ine nditaika 100 GB ndinaona kusintha ndithu ngakhale ndinali ndi magemu atatu okha

Lusungu: Mwina, koma munkafufutanso sabata iliyonse nde nkovuta kudziwa chinasintha ndi chiti. Yezani ndi mzere uja kawiri kenako mutiuze, ndikhoza kukhala wolakwa.

Yami: ine pa Steam pali china chimadya bandulo yanga chikulemba shader pre-caching, nde ngati Steam ikutumiza masheda bwanji a Vitu akuvutika

Lusungu: Chimenecho chimagwira pa magemu a Vulkan ndi OpenGL, nde amene amapindula kwambiri ndi a Linux ndi Steam Deck chifukwa kumeneko Proton imasandutsa DirectX kukhala Vulkan. Gemu ya DirectX 12 pa Windows ngati ya a Vitu sichiikhudza. Ngati ulibe gemu ya Vulkan imene umasewera ukhoza kuchithimitsa mu Settings pa Downloads upulumutse bandulo. A Microsoft analengeza mu Ogasiti 2025 njira yawo ya Advanced Shader Delivery yoti masheda okompaila kale azibwera limodzi ndi gemu, anayambira pa timakina ta m'manja ta ROG Xbox Ally. Maganizo ake ndi omwe aja a PS4, koma pa laputopu ngati ya a Vitu ine sindingauze munthu kuti adikire zimenezo.

Tiwo: Asisi ndibwerere ku shopu kwanga. Makompyuta anga atatu awiri ali ndi GTX 1660 Super ofanana ndendende, lachitatu ndi la AMD. Gemu ikalandira apudeti ndimataya pafupifupi theka la ola pa kompyuta iliyonse ana ali pa mzere ndi ndalama m'manja, ena amatopa nkupita. Sindingakompaile pa imodzi nkukopera foda ya DXCache pa fulashi kupita ku inzake?

Lusungu: Ku ya AMD iwalani, ndi thupi lina. Pa awiri ofananawo, khadi limodzi, dalaiva nambala imodzi, gemu apudeti imodzi, m'mutu mwanga zikuoneka ngati zikhoza kutheka koma sindinayesepo ndipo dalaiva amakana keshi pa zifukwa zazing'ono, komanso magemu ena amasunga mndandanda wawo pa foda ina nde akhoza kuyambitsabe kamzere kaja. Mukayesa sungani kaye foda yakaleyo pambali ndipo gemu ikhale yotseka. Chimene ndikudziwa kuti chimagwira ndi ichi, apudeti muzipanga usiku mukatseka shopu, tsegulani gemu pa onse atatu nthawi imodzi afike 100, kenako lowani mpikisano umodzi wa masewera chabe muwombe mfuti zingapo muponye mabomba, kuti mwana woyamba m'mawa asakhale iye wolipira misomali. Ndipo ngati muli ndi pulogalamu ija yobwezeretsa kompyuta mmene inalili ikazimitsidwa, imene ma kafe ambiri amaika, dziwani kuti imataya keshi tsiku lililonse ngati kapulogalamu ka a Vitu.

Tiwo: Imeneyo ndili nayo pa onse atatu, ndinaika chifukwa ana amadawunilodi zinthu zachilendo. Nde ndekuti ndiziimasula kaye, ndikompaile, kenako ndiitsekenso keshi ili mkati

Lusungu: Eya ndendende, muitseke keshi itadzaza kale. Zimene ana akompaile masana zizitayikabe koma chachikulu chija chikhala.

Vitu: Tsiku lachitatu. Kapulogalamu kaja ndinakachotsa, dzulo ndinasiya ifike 100, foda inafika 870 MB. Lero ndayatsa ikadali 870, kamzere kadutsa pa masekondi 40, chimunthu chamoto chatuluka bwinobwino. Gawo latsopano la lero misomali inayi pa theka la ola, ndikhoza kukhala nazo. Koma wa pa geti la fakitale uja ukadalipo, 65 ulendo uliwonse

Mphatso: Umenewo ndi memore ya khadi akulu, GTX 1650 ili ndi 4 GB yokha, magemu a masiku ano ikadzaza amayamba kubwereka ramu ndipo amadukiza choncho. Tsitsani Textures

Lusungu: Zikhoza kutheka a Mphatso, ngakhale ine ndikukayika chifukwa memore ikadzaza misomali imabwera yambiri motsatizana makamaka potembenuka, osati umodzi pa geti. Koma kuyesa nkwaulere. A Vitu tsegulani Task Manager pa Performance, GPU ya NVIDIA osati ya Intel, muyang'ane Dedicated GPU memory muli pa geti pomwepo. Ikakhala 3.8 olo 3.9 pa 4.0 tsitsani Textures sitepe imodzi mudutsenso kawiri. Ikakhala pansi kwambiri ndekuti ndi mmene gemu inapangidwira, mukhoza kungoika malire a mafulemu pa 45 olo 50 kuti purosesa ikhale ndi kampata, msomali umamveka pang'ono koma suchoka.

Vitu: Ikuonetsa 3.6 pa 4.0

Mphatso: Yayandikira imeneyo, ndikuti tsitsanibe

Lusungu: 3.6 ili pakati, sindingalumbire mbali iliyonse. Tsitsani muone, dutsani kawiri ndipo muwerenge ulendo wachiwiriwo.

Vitu: Magetsi angozima kuno nde pa batire sindiyeza, akayaka ndiyesa ndikuuzani. A Tiwo Loweruka ndibwera ku Luwinga ndi fulashi yanga tidzayese zokopera foda zija pa makompyuta awiri aja

Tiwo: Bwerani cha m'ma 7 m'mawa ana asanadzaze, ndikhala nditawamasula kale onse awiri